Kuwerengera ndalama zotsala pa mzere uliwonse, monga pa sitetimenti ya ku banki

Mukatenga sitetimenti ku banki, kolamu ya kumapeto ndiyo imene maso amathamangirako. Pa mzere uliwonse pamalembedwa ndalama zimene zinatsala mu akaunti chitangochitika chimene chalembedwa pamzerepo. Banki sidikira kuti mwezi uthe kenako n'kuphatikiza zonse pansi, imakuuzani pomwepo kuti tsiku lakuti, mutalipira lendi, munatsala ndi zingati. Kolamu yotereyi mungaipange nokha mu Excel kapena mu Google Sheets, ngakhale pa foni. Njira zake ndi ziwiri. Imene anthu ambiri amayamba kuiganizira ndiyo imasokonezeka msanga, ndiye tiziona zonse ziwiri kuti muone chifukwa chake ndimalimbikitsa yachiwiri.

Titenge chitsanzo cha mayi amene ali ndi kantemba ku Mtendere mu Lusaka. Katundu amaoda ku Soweto ndi ku Kamwala, ndipo makasitomala ambiri amamulipira pa foni. Iye akufuna kudziwa ndalama zimene ziyenera kukhala mu akaunti ya pa foniyo tsiku lililonse. Manambala onse amene ali pansipa ndi a chitsanzo chabe.

Musanalembe kalikonse, sankhani thumba limodzi la ndalama. Tsamba limodzi likhale la akaunti ya pa foni yokha, lina la ku banki, lina la ndalama za m'manja. Mukaphatikiza zonse pa tsamba limodzi, nambala yotsala idzakhala yoona mwina, koma simudzakhala ndi choiyerekeza nacho, chifukwa meseji ya pa foni imanena za akaunti ya pa foni basi.

Kuyala tsamba

Pa mzere woyamba lembani mitu isanu, kuyambira pa A mpaka pa E: Tsiku, Zachitika, Zolowa, Zotuluka, Zotsala. Mzere wachiwiri ukhale wa ndalama zimene zinalipo kale poyamba mwezi, ndipo muziike pansi pa Zolowa. Kuchokera pamenepo, chochitika chilichonse chikhale ndi mzere wakewake, motsatana masiku. Tsamba la mayi uja la sabata yoyamba ya Malichi liyenera kuoneka chonchi tikamaliza:

| | A Tsiku | B Zachitika | C Zolowa | D Zotuluka | E Zotsala |
|---|---|---|---|---|---|
| 2 | 1 Malichi | Zoyambira | 2400 | | 2400 |
| 3 | 2 Malichi | Malonda | 850 | | 3250 |
| 4 | 3 Malichi | Oda ku Soweto | | 1300 | 1950 |
| 5 | 3 Malichi | Mayunitsi a malaiti | | 200 | 1750 |
| 6 | 5 Malichi | Malonda | 1120 | | 2870 |
| 7 | 6 Malichi | Chilimba | | 500 | 2370 |
| 8 | 7 Malichi | Malonda | 640 | | 3010 |

Inu mulemba makolamu anayi oyamba okha. Mu kolamu E simudzalembamo nambala ndi dzanja ngakhale kamodzi, mukhala fomula yokha.

Polemba ndalama, lembani nambala yokha: 850, osati K850. Za chifukwa chake tinena pansipa, pakuti K ameneyu wasokoneza mabuku ambiri. Komanso pansi pa Zotuluka musaike chizindikiro chochotsera kutsogolo kwa nambala. Fomula ndiyo imachotsa. Mukalemba -500, idzachotsa chochotsa kale, ndipo ndalama zidzakwera m'malo motsika.

Njira yoyamba: kutenga za pamwamba

Mmene munthu amawerengera m'kabuku ndi cholembera ndi mmenenso njira iyi imayendera. Tengani zotsala za mzere wa pamwamba, onjezani zolowa, chotsani zotuluka. Mu E2 mulembe `=C2`, ndipo mu E3 mulembe izi:

```
=E2+C3-D3
```

Kenako kokerani fomulayo pansi mpaka mzere 8. Pa kompyuta mumagwira kadontho kamene kali pa kona ya kumunsi kwa kabokosi n'kukokera pansi. Pa foni n'kosavuta kukopera kabokosiko, kusankha timabokosi ta pansi, n'kumata. Manambala atuluka monga ali pamwambapa, mpaka 3010.

Zonse zili bwino kufikira tsiku limene mwakumbukira chinthu chimene munaiwala kulemba. Tinene kuti mayi uja wakumbukira kuti pa 4 Malichi analipira K350 ya mafuta ophikira ku Kamwala. Walowetsa mzere watsopano pakati pa 5 ndi 6, walemba 350 pansi pa Zotuluka, wakopera fomula ya mu E5 n'kuimata mu E6 yatsopanoyo, ndipo yaonetsa 1400. Imeneyi ndi yoona: 1750 kuchotsa 350. Koma taonani mzere wotsatira, wa malonda a 1120, umene tsopano wasanduka mzere 7. Ukuonetsabe 2870. Pansi penipeni pakadali 3010, ngati kuti mafuta aja anapatsidwa ulere.

Mukadina pa E7 muona chimene chachitika. Fomula yake yasanduka `=E5+C7-D7`. Poyamba inali kuyang'ana E5, amene panthawiyo anali mzere wa pamwamba pake, ndipo ikuyang'anabe E5 yemweyo ngakhale pakati palowa mlendo. Zili ngati anthu oima pa mzere akupatsirana njerwa: wina akalowa pakati, koma uyu wa kutsogolo n'kumalandirabe kwa mnzake wakale uja, njerwa za wolowayo sizifika kumapeto. Choipa kwambiri n'chakuti palibe uthenga wofiira umene umabwera. Tsamba limaoneka labwinobwino, koma likunama ndi K350.

Kufufuta mzere nako kuli ndi vuto lake, ngakhale ili ndi loonekera. Mukachotsa mzere wonse pakati, mzere wa pansi pake umataya chimene unali kuyang'ana, ndipo kuyambira pamenepo mpaka pansi mumangoona `#REF!`. Mankhwala a mavuto onse awiriwa ndi amodzi: bwererani ku E3 n'kukokeranso fomula mpaka pansi. Sizovuta, koma muyenera kukumbukira nthawi iliyonse, ndipo pa kantemba, kasitomala akuitana uku mwana akulira, zokumbukira zimachuluka.

Njira yachiwiri: kuwerenga kuchokera pamwamba nthawi zonse

Apa mzere uliwonse sudalira mnzake. Umaphatikiza wokha zolowa zonse kuchokera pamwamba mpaka pamene uli, n'kuchotsa zotuluka zonse kuchokera pamwamba mpaka pomwepo. Mu E2 lembani izi, ndipo mukokere pansi:

```
=SUM(C$1:C2)-SUM(D$1:D2)
```

Chinsinsi chonse chili pa `$` amene ali kutsogolo kwa 1. Mukakokera fomula pansi, manambala a mizere amasintha okha: C2 amakhala C3, kenako C4. Koma nambala imene ili ndi `$` kutsogolo imakhomeredwa, siyenda. Choncho poyambira pamakhala pomwepo, pothera pokha ndi pamene pamatsika. Mukadina pa E5 mupeza `=SUM(C$1:C5)-SUM(D$1:D5)`, kutanthauza 3250 kuchotsa 1500, zimene ndi 1750. Mukaiwala `$`, fomula idzaphatikiza mizere iwiri yokha, uwu ndi wa pamwamba pake, ndipo manambala adzangodumphadumpha osagwirizana ndi chilichonse. Mukaona zotero, yambani mwayang'ana `$`.

Mwina mukudabwa chifukwa chake tayambira pa mzere 1, pamene pali mitu, osati pa mzere 2 pamene pali nambala yoyamba. Ndi dala. SUM salabadira mawu, choncho mutu wakuti Zolowa suwonjezera kanthu. Phindu lake n'lakuti tsiku lina mukalowetsa mzere pakati pa mitu ndi mzere 2, mzere watsopanowo udzawerengedwa nawo. Mukanakhomera pa `C$2`, poyambira pakanatsikira ku mzere 3 pamodzi ndi kabokosi kake, ndipo mzere watsopanowo ukanatsala kunja. Chofunika n'chakuti mitu ikhale mawu. Musaike chaka kapena tsiku pa C1 kapena D1, chifukwa zimenezo ndi manambala ndipo zidzaphatikizidwa.

Tsopano yesaninso za mafuta a ku Kamwala zija. Lowetsani mzere, lembani 350, koperani fomula mu E6. Mzere wa pansi pake wasintha wokha n'kukhala `=SUM(C$1:C7)-SUM(D$1:D7)`, ndipo mzere 6 uli m'kati mwake. Zolowa ndi 2400, 850 ndi 1120, pamodzi 4370. Zotuluka ndi 1300, 200 ndi 350, pamodzi 1850. Zotsala 2520. Chilimba chikachoka patsala 2020, ndipo malonda a pa 7 Malichi akalowa tafika pa 2660. Imeneyi ndiyo nambala yoona, ndipo simunakonze kalikonse pansi. Kufufuta mzere pakati nakonso sikubweretsa `#REF!`.

Excel nthawi zina amaika kachizindikiro kobiriwira pa kona ya timabokosi timeneti, podandaula kuti fomula yasiya manambala ena amene ali pansi. Musavutike nako, kuwasiyako ndi kumene tikufuna.

Malire a njirayi ndi kukula kwa tsamba. Popeza mzere uliwonse umayambiranso pamwamba, ntchito imachuluka mofulumira: pa mizere 10,000, kolamu imodzi yokha imafuna kuphatikiza timabokosi pafupifupi 50 miliyoni. Pamenepo foni ingayambe kulemera. Koma kantemba kamene kamalemba mizere mazana angapo pa mwezi sikadzafika kumeneko, makamaka ngati mwezi uliwonse uli ndi tsamba lake.

Vuto la K

Njira yachiwiri ili ndi chofooka chimodzi, ndipo chimachokera pa khalidwe lomwe lija la SUM losalabadira mawu. Mukalemba K500 pa chilimba, kompyuta imaona mawu, osati ndalama. SUM amangodutsa osanena kanthu, ndipo zotsala zimakwera ndi 500 kuposa zenizeni. Njira yoyamba ija apa imachita bwino, chifukwa imakuwa pomwepo ndi `#VALUE!`. N'chimodzimodzi mukalemba chilembo O m'malo mwa ziro, kapena mukakopera nambala kuchokera mu meseji n'kubwera ndi zilembo zina.

Kuzindikira ndi maso n'kotheka. Ngati simunasinthe kaimidwe ka zolemba, manambala amatsamira kumanja kwa kabokosi, mawu amatsamira kumanzere. Nambala imene yaima yokha kumanzere pakati pa zinzake ndi yokayikitsa. Koma kuli bwino kuti fomula izikuchenjezani yokha, ndipo tingachite zimenezi pamodzi ndi kukonza kanthu kena kosautsa. Mukakokera fomula mpaka mzere 200 kuti isamafunike kukokedwa tsiku ndi tsiku, mizere yopanda kanthu imangobwereza 2660, 2660, mpaka pansi. Sinthani E2 kuti ikhale chonchi, kenako kokerani mpaka pamene mukufuna:

```
=IF(COUNT(C2:D2)=0,"",SUM(C$1:C2)-SUM(D$1:D2))
```

COUNT amawerenga timabokosi timene tili ndi manambala enieni okha. Ngati pa mzerewo mulibe nambala mu C kapena mu D, E amakhala wopanda kanthu. Mizere ya pansi ija yayera. Ndiye mukalemba K500, COUNT sapeza nambala, ndipo pa Zotsala pamakhala mpata woyera pakati pa mizere yodzaza. Mpata umenewo ndiwo chenjezo lanu. Fufutani K, nambala ibwera. Ngati fomula yakanidwa mutailemba bwinobwino, mwina makina anu anakonzedwa kuti azigwiritsa `;` m'malo mwa `,` polekanitsa zigawo za fomula, ndiye sinthani makoma awiriwo.

Kwa amene mtima sukhala pansi osaona K kutsogolo kwa ndalama, muuzeni Excel kuti azimuonetsa yekha. Sankhani makolamu C, D ndi E, pitani pa Format Cells, sankhani Custom, ndipo lembani `"K"#,##0.00`. Mu Google Sheets zili pansi pa Format, Number, Custom number format. Inu mudzalemba 1120, tsamba lidzaonetsa K1,120.00, koma m'kati ikadali nambala.

Buku ndi foni zikasiyana

Apa ndi pamene kolamu ya Zotsala imabweza thukuta lanu. Meseji imene imabwera mukalandira kapena kutumiza ndalama pa foni kawirikawiri imanenanso balansi yatsopano. Onjezani makolamu awiri: F akhale Za pa foni, G akhale Kusiyana. Mu F muzilemba balansi ya mu meseji. Sikofunika pa mzere uliwonse, kamodzi pa tsiku potseka kantemba n'kokwanira, bola muilembe pa mzere womaliza wa tsikulo. Mu G2 lembani izi n'kukokera pansi:

```
=IF(F2="","",ROUND(E2-F2,2))
```

ROUND ali pamenepo chifukwa cha mangwee. Kompyuta ikamaphatikiza manambala a tizigawo, nthawi zina imasiya kanyenyeswa kakang'ono kwambiri kumapeto, ndipo m'malo mwa ziro weniweni mumaona nambala yachilendo. Tikadula pa malo awiri, kanyenyeswako kamachoka.

Zonse zikakhala bwino, G amaonetsa ziro mpaka pansi. Akasiya kuonetsa ziro, musayambe kufufuza pansi pamene mwaonera vuto. Kwerani m'mwamba mpaka mupeze ziro womaliza. Cholakwika chili pakati pa ziro ameneyo ndi nambala yoyamba imene si ziro, ndipo nthawi zambiri imeneyo ndi mizere itatu kapena inayi yokha. Kolamu yotereyi ikalakwa pa mzere umodzi, imanyamula cholakwikacho mofanana mpaka pansi. Ndiye mukaona 90, 90, 90 motsatizana, vuto ndi limodzi, ndipo linalowa pamene 90 anayambira. Mukaona 90 kenako 140, mavuto ndi awiri: la 90 ndi lina la 50.

Kukula kwa kusiyanako kumanenanso zambiri. Tinene kuti pa 5 Malichi buku likuti 2610 pamene foni ikuti 2520. Kusiyana ndi 90. Yesani kugawa ndi 9: zikutheka popanda chotsala. Ichi ndi chizindikiro chodziwika kwa olemba mabuku a ndalama chakuti mwina manambala awiri asinthana malo polemba. Mukayang'ana mupeza kuti palembedwa 1210 m'malo mwa 1120. Kusinthana kotere nthawi zonse kumabala kusiyana kogawika ndi 9, ngakhale si kusiyana kulikonse kogawika ndi 9 kumene kwachokera pamenepo.

Tinenenso kuti pa 6 Malichi buku likuti 3020 pamene foni ikuti 2020. Kusiyana ndi 1000, koma palibe chimene munagula cha 1000. Gawani pawiri: 500. Muli ndi mzere wa 500? Inde, chilimba. Mwachilemba pansi pa Zolowa m'malo mwa Zotuluka, kapena mwachilemba ndi chizindikiro chochotsera chija. Ndalama imene inayenera kuchoka yaonjezedwa, n'chifukwa chake kusiyana kwake kumakhala kowirikiza. Pokonza, musadule kabokosi n'kukamata kwina, chifukwa mafomula amatha kutsatira kabokosi kamene kasunthidwa. Fufutani nambalayo, muilembenso pamalo pake.

Kusiyana kukakhala kochepa, makwacha owerengeka kapena mangwee, ndipo buku ndilo lili pamwamba, kawirikawiri ndi ndalama imene imadulidwa potumiza kapena potapa kwa ajenti. Imeneyi anthu amaiwala chifukwa sinadutse m'manja mwawo. Ipatseni mzere wake pansi pa Zotuluka. Ena amakonda kuiphatikiza ndi mtengo wa katundu kuti mizere isachuluke, koma ine ndimaona kuti kuilekanitsa n'kwabwino, chifukwa pakutha pa mwezi mumaona bwino zimene kutumiza ndi kutapa kwakudyerani.

Pali chinthu chimodzi chimene chimaoneka ngati cholakwika koma sichili. Zinthu ziwiri za tsiku limodzi, monga oda ya ku Soweto ndi mayunitsi pa 3 Malichi, zikalembedwa mosinthana ndi mmene zinachitikira, zotsala za pakati sizigwirizana ndi meseji. Mukayamba ndi mayunitsi mupeza 3050, pamene meseji ya mayunitsiyo inati 1750. Koma pa mzere womaliza wa tsikulo zonse zimakumana pa 1750. Ndi chifukwa chake tinati balansi ya pa foni izilembedwa pa mzere womaliza wa tsiku.

Mwezi ukatha

Tsegulani tsamba latsopano la Epulo, lokhala ndi mitu ndi mafomula omwewo. Njira yachidule ndi kukopera tsamba lonse la Malichi n'kufufuta zimene zili mu A, B, C, D ndi F kuyambira mzere 2, osakhudza E ndi G. Pa C2 lembani zotsala zomaliza za Malichi, koma pokhapokha mutaona kuti G wa tsiku lomaliza ndi ziro. Ngati pali kusiyana kumene mwalephera kukupeza, musakubise posintha nambala yoyambira. Yambani ndi nambala ya m'buku, kenako pa mzere 3 lembani kuti Kusiyana kosapezeka, muike ndalamayo pansi pa Zotuluka ngati buku linali pamwamba, kapena pansi pa Zolowa ngati foni ndiyo inali pamwamba. Mukadzapeza chimene chinachitika, mudzangosintha mawu a mu B pa mzere umenewo.

Pofuna kudziwa ndalama zimene zalowa mwezi wonse, kumbukirani kuti C2 si malonda, ndi ndalama za mwezi watha. Phatikizani kuyambira pa C3, monga `=SUM(C3:C200)`, ndipo fomula imeneyi muiike pambali, mwachitsanzo mu kolamu I. Mukaiika pansi pa kolamu C yomweyo, mizere ikadzafika pamenepo kolamu E idzaiwerenga ngati ndalama zina zolowa.